Kumudzi Kapena Ku Mudzi: Kuunika Kalembedwe ka Pa, Ku ndi Mu

Nkhani ya kulumikiza aphatikiri a mneni ku tsinde lake siivutanso akatswiri. Timalemba "ndinamuona" ngati liwu limodzi chifukwa pakati pa ndi-, -na-, -mu- ndi -ona sipangalowe liwu lina lililonse. Chimene chidakali chosokoneza m'mabuku a Chinyanja a ku Zambia ndi a Chichewa a ku Malawi ndi kalembedwe ka pa, ku ndi mu osonyeza malo. Patsamba limodzi munthu amapeza "kumudzi" ndi "ku mudzi", ndipo mphunzitsi wochonga mayeso amalakwitsa ophunzira potsata chizolowezi chake chabe. Ena amati tizilumikiza nthawi zonse, ena amati tizipatula nthawi zonse. Ife tikuti malamulo onse awiriwa ndi operewera.

Olimbikitsa kulumikiza amatsamira maganizo a C. M. Doke, amene m'chaka cha 1929 adalemba za kagawidwe ka mawu m'zinenero za Chibantu. Iye adati liwu limadziwika ndi kutsindika kumene kumagwa pa phatikizo lotsatana ndi lomaliza. Muyeso umenewu sutithandiza kwenikweni. Jonni Kanerva adasonyeza m'chaka cha 1990 kuti m'Chichewa kutalika kwa phatikizo lotere kumatsata gulu la mawu onenedwa pamodzi, osati liwu lililonse palokha. Tikati "mudzi wathu", kutalika kumamveka pa "wa", pamene "mu" amatchulidwa mwachidule. Tikadatsata khutu lokha, bwenzi tikulemba "mudziwathu", zomwe palibe amene angavomereze.

Olimbikitsa kupatula nawonso ali ndi mfundo. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adafotokoza m'chaka cha 1995 kuti pa, ku ndi mu amasiyana ndi aphatikiri a magulu ena a mayina, pakuti ali ndi ufulu m'chiganizo umene chi- wa "chingwe" alibe. Koma lamulo lopatula paliponse limagwa tikafika pa "pansi", "kunja" ndi "pakati". Kodi -nsi kapena -nja ndi mawu oima paokha? Wophunzira wouzidwa kuti ku amapatulidwa amapitiriranso n'kulemba "ku dya", kusokoneza ku wa malo ndi ku- wa dzina lochokera kumneni.

Muyeso umene tikuuona wodalirika ndi wa mgwirizanitsi. Taonani ziganizo ziwiri izi: "Pamudzi pathu pagwa maliro" ndi "Anamanga sukulu pa mudzi wathu". M'chiganizo choyamba, "pathu" ndi "pagwa" akugwirizana ndi pa. Dzina lonse lasanduka dzina la malo, choncho liyenera kulembedwa pamodzi. M'chiganizo chachiwiri, "wathu" akugwirizana ndi "mudzi". Apa pa akuperekeza mawu onse awiri, "mudzi wathu", ndipo kumumata ku liwu loyamba lokha ndi kubisa ntchito yake. N'chimodzimodzi ndi "kumunda kumene timalima" ndi "ku munda umene timalima". Mphunzitsi angathe kuphunzitsa muyesowu ndi funso limodzi: liwu lotsatira dzinalo likumvera yani?

Muyesowu umachotsanso chisokonezo china. Wowerenga akaona "kudera" sadziwa msanga ngati akunena za kudera nkhawa kapena za malo. Tikalemba "ku dera lathu", tanthauzo limaonekeratu.

Komabe muyesowu uli ndi malire. Dzina likakhala lopanda mfotokozi, monga mu "Ndikupita kumudzi", palibe mgwirizanitsi wotiunikira. Pamenepa n'koyenera kulumikiza, popeza mfotokozi amene amabwera mwachibadwa ndi wa malo: "kumudzi kwathu". Mayina amwinimwini afunika kupatulidwa, "ku Chipata" ndi "ku Katete", kuti lembo lalikulu lisagwere m'kati mwa liwu. Mu akafupikitsidwa n'kukhala m', nkhodolera imamumangirira ku dzina lake, kotero "m'nyumba mwathu" ndi "m'nyumba yathu" amayamba mofanana ngakhale kamangidwe kawo n'kosiyana.

Padzakhala otsutsa kuti dzina limodzi likulembedwa m'njira ziwiri, ndipo zimenezi zingalemetse ana ongoyamba kumene sukulu. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Koma njira ziwirizo zili kale m'mabuku popanda chifukwa chodziwika, pamene muyeso wa mgwirizanitsi ukuzipatsa chifukwa chimene mwini chinenero amachimva polankhula. Kalembedwe kamene unduna wa zamaphunziro wa Zambia udavomereza m'chaka cha 1977, ndi malamulo a bungwe la Chichewa a m'chaka cha 1990, zikamadzaunikidwanso, akatswiri a mayiko awiriwa adzayese muyesowu pa zolemba zenizeni za ophunzira asanakhazikitse lamulo lina.