Chiganizo choyamba chisamangogogoda pakhomo

Anthu ambiri amene amagwira nyuzipepala kapena kapepala ka uthenga wa zaumoyo sawerenga ndime yonse. Amaona mutu, kenako diso limagwera pa mzere woyamba wa ndime iliyonse, ndipo mzerewo ukapanda kuwauza kanthu amalumphira ndime yotsatira. Sindikuwanena kuti ndi aulesi. Wina akuwerenga ali pamzere wa kuchipatala mwana ali kumsana, wina wabwereka pepalalo ndipo mwini wake akulidikira. Mu 1997 Jakob Nielsen, katswiri wa momwe anthu amagwiritsira ntchito makompyuta, anapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anawayesa, 79 ankangoyendetsa maso pa tsamba, ndipo 16 okha ndiwo ankawerenga liwu ndi liwu. Iye ankafufuza za masamba a pa intaneti, koma amene anaonapo momwe nkhani imawerengedwera pa foni m'minibasi sangadabwe nazo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti olemba athu ambiri amaononga mzere umenewu, womwe ndi wokhawo umene ali ndi chitsimikizo chakuti uwerengedwa. Kusukulu tinaphunzitsidwa polemba chimangirizo kuti ndime iyambe ndi chiganizo chonena zomwe ndimeyo ikambe. Langizoli n'lakale. Alexander Bain, mphunzitsi wa ku Scotland, analilemba m'buku lake la kalembedwe mu 1866, ndipo layenda m'makalasi a mayiko ambiri kufikira lero. Koma ife tinalimva theka. Tinatola zakuti chiganizo choyamba chitchule nkhani, n'kusiya zakuti chinenepo kanthu pa nkhaniyo. N'chifukwa chake timaona ndime zoyamba ndi mawu ngati akuti, “Tsopano tiyeni tione za kasungidwe ka madzi akumwa.” Wowerenga wothamanga akachoka pamenepo wadziwa chiyani? Wangodziwa kuti pali nkhani ya madzi. Chiganizocho chagogoda pakhomo koma sichinalowe. Chikanati, “Madzi akumwa asungidwe m'ndowa yovundikira, ndipo potunga musaviikemo dzanja,” munthuyo akanapita ndi kanthu ngakhale atapanda kuwerenga mzere wachiwiri.

Mneni ndiye amasiyanitsa ziganizo ziwirizi, ndipo mkonzi aliyense ayenera kuyamba wayang'ana pamenepo. Ngati mneni wamkulu wa chiganizo choyamba ndi “tione”, “tikambe”, “pali”, “n'zofunika kudziwa”, ndiye kuti mfundo ikadali m'munsi. Ngati mneni akulamula, akukana, akunena chimene chachitika kapena chimene chichitike, ndiye kuti mfundo yafika. Pali njira ina yoyesera imene ndimaikhulupirira kwambiri: funsani ngati munthu angathe kutsutsa chiganizocho kapena kuchichita. Palibe amene angatsutse zakuti tione za madzi. Koma zakuti ndowa ivundikiridwe, munthu angathe kuzitsutsa, angathe kuzitsata, ndiye kuti m'chiganizomo muli nyama.

Titenge nkhani ya kolera, chifukwa pamenepo kulemba molakwika kumatayitsa moyo. Mliri umene unayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, ndipo mauthenga ambiri analembedwa m'Chichewa. Ndime zitatu zotsatirazi ndazipeka ndekha, koma kamangidwe kake aliyense wowerenga nkhani zathu akazindikira. Yoyamba ikuyamba motere: “Polankhula pa msonkhano womwe unachitikira pabwalo la mfumu ina Lachiwiri lapitali, mkulu wa zaumoyo anathokoza mafumu ndi atsogoleri a mipingo chifukwa chofika mwaunyinji.” M'chiganizo chachinayi ndi momwe timamva kuti paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi abwino. Ndime yachiwiri ikuyamba ndi, “Iye anapitiriza kunena kuti zimenezi n'zofunika kuzitsatira bwino lomwe,” ndipo kumapeto kwake ndi komwe kwabisala langizo lakuti Thanzi wosungunula akatha maola 24 atayidwe. Yachitatu ikuti, “Pothirirapo ndemanga, a mfumu anayamikira boma,” ndipo m'kati mwake, ngati mongodutsa, mukutchulidwa kuti wodwala athamangire naye kuchipatala.

Tsopano phimbani zonse ndi dzanja, musiye mizere yoyamba yokha. Mwapeza kuti kunali msonkhano, wina anathokoza, wina anapitiriza kunena, a mfumu anayamikira. Mayi amene mwana wake wayamba kutsegula m'mimba usiku sanapezepo ngakhale chimodzi chomuthandiza, chonsecho zonse zimene akufuna zili papepala lomwelo. Mtolankhani sananame, sanasiye mfundo, Chichewa chake n'chosalala. Wangotsata ndondomeko ya msonkhano m'malo motsata njala ya wowerenga.

Kukonza kwake sikufuna kufufuza kwatsopano, kungofuna kukweza pamwamba zomwe zamira. Ndime yoyamba iyambe ndi, “Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, mumwetseni Thanzi nthawi yomweyo ndipo munyamuke naye kupita kuchipatala.” Yachiwiri iti, “Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini.” Yachitatu iti, “Thanzi wosungunula akatha maola 24, mutayeni ndipo musungunule wina.” Amene ananena mawuwa, malo ake ndi tsiku lake zibwere m'chiganizo chachiwiri, momwe wofuna umboni akazipeze. Onaninso kuti ndasintha dongosolo la ndime. Za kuchipatala zinali kumapeto chifukwa zinanenedwa kumapeto kwa msonkhano, koma ndizo zazikulu, ndipo wowerenga wothamanga amachepetsa chidwi akamatsika ndi tsamba. Mizere itatuyi payokha yasanduka uthenga wathunthu.

M'Chichewa muli msampha umene olemba za luso m'zinenero zina sautchula kwambiri, ndiwo kufupika kwa mneni wathu. Liwu limodzi lakuti “anawauza” lanyamula wonena, nthawi ndi ouzidwa, ndipo n'lokoma polankhula chifukwa womvera akukumbukira amene tikunena. Koma pachiyambi pa ndime, kwa munthu amene sanawerenge ndime yapamwamba, “anawauza” ndi mdima wokhawokha. Ndani? Anauza yani? Chimodzimodzi mawu oti “izi”, “zimenezi”, “iye”, “potero”, “kuonjezera apo”. Onsewa amaloza m'mbuyo, kumene wothamanga sanapondeko. Lamulo langa pamenepa n'louma ndipo sindilifewetsa: m'chiganizo choyamba cha ndime, dzina la chinthu libwerezedwe lonse. Lembani “Thanzi” kachitatu ngati ndime zili zitatu. Aphunzitsi ena amadula malikisi mwana akabwereza liwu, koma kubwereza kumeneku si umphawi wa mawu. Ndi ulemu kwa munthu amene walowera pakati.

Za kuyamba ndime ndi mwambi sinditaya nazo nthawi: mwambi umakometsa mfundo imene yanenedwa kale, ndiye ubwere pambuyo. Zilembo zakuda kwambiri ndi timitu tating'ono zimathandizako, koma nthawi zambiri zimangobisa ndime yomwe ilibe msana.

Pali chotsutsa chimodzi chimene ndimachilemekeza. Mu 1974 Richard Braddock wa ku America anasanthula nkhani 25 za olemba odziwika m'magazini akuluakulu, ndipo anapeza kuti ndime pafupifupi 13 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkayamba ndi chiganizo chonyamula mfundo ya ndimeyo. Ena amatenga zimenezi n'kumati langizo lonseli ndi bodza la m'kalasi, akatswiri salitsata. Koma taonani amene ankawerenga nkhani zimene Braddock anasanthula. Anali anthu okhala pansi, ogula magazini kuti asangalale ndi kalembedwe, okonzeka kuyenda ndi wolemba mpaka kumapeto. Wolemba wotero ali ndi ufulu wochedwetsa mfundo, monganso wonena nthano sangayambe ndi kuulula kuti kalulu apulumuka. Nkhani yopeka, ndakatulo, mawu a pamaliro, zonsezi zili ndi kayendedwe kake ndipo sindikuzikhudza. Ndikunena za lipoti la kuofesi, kalata ya kwa makolo yochokera kusukulu, uthenga wa alangizi a zaulimi, nkhani ya m'nyuzipepala. Olemba zimenezi sanapatsidwe wowerenga wodekha, ndipo kulemba ngati ali naye ndi kudzinamiza.

Ngozi yeniyeni ya luso limeneli ili kwina: chiganizo choyamba chikhoza kunena zoona theka, theka linalo n'kutsalira m'munsi. Tinene kuti wolemba, pofuna kufupikitsa, wayamba ndi, “Thanzi ndiye mankhwala a kolera,” ndipo m'chiganizo chachitatu ndi momwe akuchenjeza kuti wodwala amene akusanza kwambiri kapena wafooka amafunika madzi a m'dilipi kuchipatala. Wowerenga zonse wamva bwino. Wothamanga watenga zakuti Thanzi akukwana, ndipo akhala pakhomo ndi wodwala wake. Chiganizo chopanda kanthu chimangomutayitsa nthawi munthu, koma ichi chimamusocheretsa, ndipo n'choipa kuposa chija. Choncho mawu oti “koma”, “pokhapokha”, “ngati”, “musa-”, akakhala kuti akusintha zimene munthu achite, malo ake ndi m'chiganizo choyamba chomwecho, ngakhale chitalikeko. Ndi chifukwa chake m'chitsanzo chija Thanzi ndi chipatala ndinaziika m'mpweya umodzi.

Nthawi zina mukayesa kulemba chiganizo choyamba chonyamula mfundo chimakana, ndipo kukanako kumakhala kukukuuzani kanthu. Mwina ndimeyo ili ndi mfundo ziwiri zimene zikulimbirana malo, ndiye iduleni pakati. Mwina ilibe mfundo n'komwe, ndi mawu ongodzazira malo, ndiye ichotseni. Mwinanso, ndipo izi ndizo zimachitika kawirikawiri, wolembayo sanatsimikize chimene akufuna kunena, ndipo wakhala akuzungulira poyembekeza kuti achipeza akamalemba. Kuzungulirako n'kololedwa polemba koyamba. Ambiri timapeza mfundo yathu m'chiganizo chomaliza cha ndime, titatha kudziyankhulira tokha. Cholakwa ndi kuisiya pomwepo. Itoleni, muikweze pamwamba, kenako muone ngati ziganizo zotsalazo zikuichirikiza ndi chifukwa, umboni kapena chitsanzo.

Akonzi ndi aphunzitsi a Chichewa, ntchitoyi ili m'manja mwanu kuposa mwa olemba achinyamata, chifukwa iwo amalemba zimene mumavomereza. Musanayambe kukonza kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe, tengani pepalalo muwerenge mokweza mizere yoyamba yokha, kuchokera pamwamba mpaka pansi, wolembayo akumva. Ikapanda kupereka uthenga womveka ndi woona payokha, mubwezereni akalembenso.