Ka 1 kapamwamba kaja kachokera kuti?

Samu yowonkhetsa ili m'munsiyi yalembedwa monga momwe aphunzitsi amalembera pa bolodi. Yatha kale ndipo yankho lake ndi lolondola, kotero usathamangire kuiwerengeranso. Ingoiyang'ana bwino. Tiiwerenga pang'onopang'ono ngati kalata, tikufunsa chimene chizindikiro chilichonse chikunena.

```
  1 1 1
  4 7 8 6
+ 2 9 5 7
---------
  7 7 4 3
```

Muli mizere inayi ya manambala. Iwiri yapakati ndi manambala amene tapatsidwa, 4786 ndi 2957. Wapansi ndi yankho, 7743. Wapamwamba uli ndi ma 1 atatu amene sanali m'funso. Wolemba samuyi anawaika yekha pamene ankawerengera. Ana ambiri amawalemba chifukwa anauzidwa kutero, koma mumtima amakhala ndi funso labwino kwambiri: ngati tikuwonjezera manambala amene sitinapatsidwe, yankho likulondola bwanji?

Tiyambe ndi momwe manambala awiri aja aimira. Taona kuti 6 ali pamwamba penipeni pa 7, 8 ali pamwamba pa 5, 7 pamwamba pa 9, ndipo 4 pamwamba pa 2. Sanawandandike chonchi pofuna kukongoletsa tsamba. Mu nambala yaitali, kukula kwa chizindikiro kumadalira malo amene chakhala. Mu 4786, 6 wakumapeto ndi zinthu zisanu ndi chimodzi basi. 8 ndi makumi asanu ndi atatu, ndiye kuti 80. 7 ndi mazana, 700, ndipo 4 ndi zikwi, 4000. Powandandika chonchi, wolemba waonetsetsa kuti mamodzi akumana ndi mamodzi anzawo, makumi ndi makumi, mazana ndi mazana, zikwi ndi zikwi.

Kuti izi zigwirike m'manja, ganiza za ndalama zathu. Tiyerekeze kuti pali mitundu inayi yokha: ndalama yachitsulo ya K1, yachitsulo ya K10, yapepala ya K100 ndi yapepala ya K1000. Munthu amene ali ndi K4786 ali ndi ma K1000 anayi, ma K100 asanu ndi awiri, ma K10 asanu ndi atatu ndi ma K1 asanu ndi imodzi. Mnzake wa K2957 ali ndi ma K1000 awiri, ma K100 asanu ndi anayi, ma K10 asanu ndi ma K1 asanu ndi awiri. Akathira ndalama zawo pa mphasa imodzi, aliyense wanzeru ayamba wazisanja, mtundu uliwonse mulu wake. Mizere yotsika ya samu ija ndiyo milu imeneyi.

Tsopano mzere wotsika wakumanja kwenikweni. Powerengera timati: 6 kuphatikiza 7 ndi 13, tilemba 3, tisunga 1. Mawu amenewa timawanena mofulumira mpaka sitimva chimene chachitika, choncho tiime pomwepa.

Pa mulu wa ma K1 pali ndalama 13. Vuto ndi lakuti pansi pa mzere pali malo a chizindikiro chimodzi chokha, ndipo chizindikiro chachikulu kuposa zonse chimene tili nacho ndi 9. Palibe chizindikiro chimodzi choimira 13. Ndiye tichita chimene wogulitsa mu golosale amachita tsiku lililonse: titenga ma K1 khumi, tiwasinthe ndi K10 imodzi. Pa mulu wa ma K1 patsala atatu, ndipo ndiye 3 amene walembedwa pansi. K10 yatsopanoyo siingakhale pa mulu wa ma K1, ipita kwa anzake. Ameneyo ndiye ka 1 kali pamwamba pa 8.

Funsa tsopano: kodi ndalama za pa mphasa zachuluka kapena zachepa? Ayi, zili momwe zinalili. Ma K1 khumi achoka, K10 imodzi yabwera. Apa ndi pamene pagona chifukwa chonse chimene kusunga kumagwirira ntchito. Ka 1 kaja sitinakatole panja. Ndi mbali ya 13 yemweyo, khumi lake, limene lasamukira kumene makumi amakhala. Ngakhale pakamwa timanena kale zimenezi: 13 ndi khumi ndi zitatu. Zitatuzo zapita pansi, khumilo lapita pamwamba pa mzere wa makumi.

Ndikufuna ugwire chinthu chimodzi apa, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonekera. Timati "tisunga 1", koma chimene tasunga si chinthu chimodzi. Ndi khumi limodzi. Tikulemba 1 chifukwa mu mzere umene lapitamo chilichonse chimawerengedwa m'makumi.

Mzere wachiwiri ukunena kuti 1, 8 ndi 5. Pakamwa timati 14, ndipo n'zoona, koma 14 wa chiyani? Ndi ma K10 okwana 14, kapena kuti K140. Vuto lija labweranso, pakuti malo ndi a chizindikiro chimodzi. Njira yake ndi yomweyo. Ma K10 khumi tiwasinthe ndi pepala limodzi la K100. Atsala anayi, ndipo 4 walembedwa pansi. Pepala la K100 lapita pamwamba pa 7. Ka 1 aka kakuoneka chimodzimodzi ndi koyamba kaja, koma ndi kakakulu kakhumi kuposa iko, chifukwa kakuimira 100.

Mzere wachitatu sufuna mawu ambiri. 1, 7 ndi 9 ndi 17, ma K100 okwana 17. Khumi mwa iwo asanduka K1000 imodzi, asanu ndi awiri atsala. Mu mzere womaliza, 1, 4 ndi 2 ndi 7. Sanafike pa khumi, kotero palibe chosintha ndipo palibe chosunga. Pa mphasa pali ma K1000 asanu ndi awiri, ma K100 asanu ndi awiri, ma K10 anayi ndi ma K1 atatu: K7743.

Choncho mzere wapamwamba uja, umene ukuoneka ngati 1, 1, 1, tikauwerenga moyenera kuchokera kumanja ukuti 10, 100, 1000.

Ngati ukukayikabe, pali njira yoonera ndi maso ako kuti palibe chabisika. Tiwerengere mulu uliwonse pawokha, osasunga kalikonse, ndipo tilembe nambala yonse mmene ilili.

```
   6 +    7 =   13
  80 +   50 =  130
 700 +  900 = 1600
4000 + 2000 = 6000
```

Phatikiza zinayizi. 6000 ndi 1600 ndi 7600. Wonjezera 130, wafika 7730. Wonjezera 13, wafika 7743. Yankho ndi lomwe lija. Ndipo ma 1 atatu aja akuoneka poyera pano: ali kutsogolo kwa 13, kwa 130 ndi kwa 1600. Samu yondandika ija ndi chidule cha mizere inayi iyi. Timaloledwa kuphwanya manambala chonchi chifukwa powonkhetsa zilibe kanthu kuti wayamba ndi chiti. Ndalama za pa mphasa ndi zomwezo, kaya uyamba kuwerenga mapepala kaya zitsulo.

Zimenezi zikuyankhanso funso lina limene ana amafunsa: bwanji timayambira kumanja, pamene powerenga buku timayambira kumanzere? Kuyambira kumanzere si kulakwa, koma kuli ndi chovuta chake. Ukayamba ndi 4 ndi 2 ulemba 6. Ukafika pa 7 ndi 9 upeza kuti patuluka chikwi china, ndiye ubwerere ukafufute 6 uja n'kulemba 7. Zosunga zimayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuchokera ku mulu wa ndalama zazing'ono kupita ku wa zazikulu. Ukayambira kumanja, chilichonse chobwera pa mzere chimakhala chafika kale usanalembe yankho la mzerewo, ndipo sufufuta kanthu.

Samu yolakwika nayo imaphunzitsa, ukaiwerenga mosamala. Mwana amene waiwala kusunga alemba 3 pa mzere woyamba, 3 pa wachiwiri (8 ndi 5 ndi 13), 6 pa wachitatu (7 ndi 9 ndi 16), ndi 6 pa womaliza. Yankho lake ndi 6633. Chotsa 6633 mu 7743, upeza 1110. Imeneyi ndi 1000, 100 ndi 10 zija, ndendende. Mwanayu magome ake owonkhetsa akuwadziwa bwino, mzere uliwonse wauwerengera molondola. Chimene wachita ndi kupereka ndalama khumi katatu konse kuti asinthe, osalandira chobweza.

Mwana wina salola kutaya kanthu, ndipo ndimamumvetsa, chifukwa maganizo ake ali pafupi ndi choonadi. Iye amalemba zonse pansi: 6, 16, 13, 13, n'kupeza 6161313. Sanataye nambala, koma waika zizindikiro ziwiri pa malo a chimodzi, ndipo chilichonse chakankhidwira kumanzere kumalo osakhala ake. 6 amene anali zikwi zisanu ndi chimodzi wapezeka ali mamiliyoni.

Zolakwa ziwiri zonsezi ungazigwire wekha aphunzitsi asanachonge. Usanayambe, yang'ana kukula kwa manambala. 4786 watsala pang'ono kufika 5000, ndipo 2957 watsala pang'ono kufika 3000. Yankho liyenera kukhala pafupi ndi 8000, kuchepera pang'ono. 7743 akukwanira bwino. 6633 wachepa kwambiri, ndipo 6161313 ali kutali zedi.

Mwina wazindikira kuti mu samu yathu chosunga chinali 1 nthawi zonse. Powonkhetsa manambala awiri zimakhala choncho basi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Mzere ungakule bwanji, sungapose 9 ndi 9 ndi 1 wosungidwa, zimene ndi 19, ndipo mu 19 muli khumi limodzi lokha. Koma usaloweze kuti chosunga ndi 1 nthawi zonse, chifukwa manambala akakhala atatu zinthu zimasintha.

```
  2 2
    6 8
    7 9
+   5 7
-------
  2 0 4
```

Kumanja, 8, 9 ndi 7 ndi 24. Ma K1 okwana 24 akupatsa ma K10 awiri, anayi n'kutsala. Ndiye tilemba 4, tisunga 2. Amene analoweza kuti amasunga 1 basi ataya khumi lathunthu pamenepa, apeza 194.

Mzere wa makumi uli ndi 2, 6, 7 ndi 5, zonse pamodzi 20. Ma K10 onse makumi awiri asinthidwa kukhala mapepala awiri a K100, ndipo pa mulu wa ma K10 sipanatsale kalikonse. Komabe malo ake sitiwasiya opanda chizindikiro. Timalembapo 0, kunena kuti mulu uwu ulipo koma ndi wopanda kanthu. Ukamusiya 0 ameneyo, 2 afendera kwa 4 ndipo 204 asanduka 24. Mazana awiri aja alibe anzawo owadikira pa mzere wachitatu, popeza manambala onse atatu anali a zizindikiro ziwiri zokha, ndiye 2 amangotsika yekha n'kukhala kutsogolo kwa yankho.