Nyimbo ya shuga ndi choko

Lachisanu tinatsazikana ndi amayi ena amene apuma pantchito pasukulu yathu muno mu Lusaka. Mnzathu wophunzitsa masamu anawapekera nyimbo ya kalindula, iye akutsogolera, ife tikuvomera. Ndakhala ndikuiganizira, chifukwa inandionetsa pamene nthabwala imayenera kulekezera.

Ndime ziwiri zoyamba zinakoma. Woimba sanawatche olimbikira kapena achikondi, mawu amene timamva pamaliro alionse. Anatchula zimene tonse tinaziona: shuga wa tiyi amene ankamukiyira m'kabati, choko chimene ankatipatsa chimodzichimodzi ngati mankhwala, ndi magalasi amene ankawafunafuna ali pamphumi. Amayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Pansi pa chipongwecho panali ulemu, pakuti choko sichinatithere pakati pa temu. Chimbuya chinathandizanso: woimba ndi Mbemba, amayiwo ndi Angoni a ku Chipata, choncho anali ndi ufulu wowanyogodola.

Ndime yachitatu ndiyo inaterereka. Inanena za penshoni yochedwa ndi kaloba. Ife tinaseka, koma amayiwo anayang'ana pansi n'kuyamba kukonza mpango. Shuga ndi khalidwe limene anadzisankhira, ndipo akulisiya pasukulu. Nkhawa ya ndalama sanaisankhe, ndipo apita nayo kunyumba.

Inu achinyamata amene mumapeka nyimbo zotere, musayese ndime ndi phokoso la gulu. Yang'anani nkhope ya mwini phwando. Akaleka kuseka, ndimeyo ichotseni.