Mutu Wonena Mfundo ndi Timawu Tolozera: Phunziro la pa Tchati cha Kwacha

Munthu akatenga mitengo ya dola ya ku America kuyambira Januwale 2012 mpaka 2024 n'kuijambula pa tchati, amapeza mzere wooneka ngati masitepe omangidwa ndi mmisiri wa phuma. Pena umakwera pang'onopang'ono, pena umagona kwa zaka zingapo, ndiyeno mwadzidzidzi umadumpha. Pamwamba pake pulogalamu ya Excel imakhala itaika kale mawu akuti `Chart Title`, kudikira kuti mwini ntchito alembepo zake. Ambiri amafufuta mawuwo n'kulemba kuti "Mtengo wa dola, 2012–2024", basi ntchito yatha.

Mutu umenewo sunama, koma sunenanso kanthu. Uli ngati chikwangwani cha pachipata chongotchula dzina la sukulu. Wowerenga nyuzipepala ali m'minibasi, kapena khansala amene walandira lipoti msonkhano utayamba kale, amasiyidwa kuti afufuze yekha chimene wojambulayo anaona atakhala ndi manambalawo tsiku lonse.

Mutu wonena mfundo umakhala chiganizo chathunthu, chokhala ndi mneni. Kumayambiriro kwa 2012 dola imodzi inkagulitsidwa pafupifupi K168, ndipo pofika 2024 inali itadutsa K1,700. Choncho mutu ukhoza kukhala wakuti: "Mtengo wa dola unawirikiza kakhumi pakati pa 2012 ndi 2024". Amene wawerenga zimenezi amadziwa choti ayang'ane. Maso ake amapita kumanzere, kenako kumanja, n'kutsimikiza yekha. Apa ndiye pagona luso lake: mutu uzinena chinthu chimene munthu angachiloze ndi chala pa tchaticho. Ukanena kuti "Kugwa kwa kwacha kwasaukitsa mabanja", mwina n'zoona, koma mzere wa mtengo wa dola suonetsa banja lililonse. Mfundo yotero imafuna tchati china, cha malipiro ndi mitengo ya chimanga, sopo ndi feteleza.

Dzina lakale lija silitayidwa ayi. Limatsikira pamzere wachiwiri, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo kumeneko limagwira ntchito yeniyeni: "Makwacha pa dola imodzi, mtengo wogulitsira wovomerezeka ndi Reserve Bank ya Malawi". Mawu akuti wovomerezeka ndi ofunika, chifukwa aliyense amene anasakapo dola ku Lilongwe kapena ku Limbe akudziwa kuti mtengo wa kumsika wamseri umayenda njira yake. Tchati chosanena kuti chatenga mtengo uti chimataya chikhulupiriro cha wamalonda pa mphindi yoyamba.

Mutu ukanena chimene chachitika, wowerenga amafunsa kuti chinachitika liti, ndipo chinayambitsa n'chiyani. Mayankho ake ndi timawu tolozera, tolembedwa pambali penipeni pa malo amene mzere wapindika. Luso limeneli ndi lakale ngati matchati enieniwo. William Playfair wa ku Scotland, amene mu 1786 anafalitsa buku lodzaza matchati a mizere, anajambula ngongole ya boma la Britain n'kulemba m'kati mwa tchaticho pamene nkhondo iliyonse inayambira ndi pamene inathera. Mitu yake inali yongotchula dzina la chinthu, koma timawu take tinkalankhula mokweza: wowerenga ankaona yekha kuti ngongole inkakwera phiri nkhondo ikabuka. Pa tchati cha malonda a England ndi Denmark komanso Norway, kuyambira 1700 mpaka 1780, iye analemba pakati pa mizere iwiriyo mbali imene England inkagula zambiri kuposa zogulitsa, ndi mbali imene zinthu zinaikomera. Sanatumize wowerenga kukafunafuna tanthauzo kunsi kwa tsamba.

Pa mzere wa kwacha pali malo atatu amene amapempha okha mawu. Oyamba ndi Meyi 2012, patangotha mwezi Joyce Banda atalowa m'boma, pamene dola inachoka pa K168 kufika pa K250 ndipo kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uzitsatira msika. Achiwiri ndi Meyi 2022, pamene Reserve Bank inalengeza kutsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Achitatu ndi 9 Novembala 2023, pamene mtengo wogulitsira unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kalozera wabwino amatchula tsiku, chochitikacho ndi nambala imodzi, m'mawu osapitirira khumi, ndipo kamzere kake kamakhudza mfundo yeniyeniyo, osati kuyandama chapafupi.

Koma pa nambala imodziyo ndi pamene ambiri amapunthwa. Kutsitsa kwa 2023 kunalengezedwa ngati kwa 44 peresenti. Kwa 2012, nyuzipepala zina zinati kwacha yataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, kapena kuti 33 peresenti, pamene zina zinati yagwa ndi pafupifupi theka. Wojambula wothamanga amatola 33 apa ndi 44 apo, n'kuziika pa tchati chimodzi, ndipo wowerenga amachoka akukhulupirira kuti kugwa kwa 2023 kunali kwakukulu kuposa kwa 2012.

Masamu ake akunena zina. Mu 2023 dola inakwera ndi K520, ndipo K520 pa K1,180 ndi 44 peresenti. Kumeneko ndi kukwera kwa mtengo wa dola. Kuyang'ana mbali ya kwacha, munthu wokhala ndi K100,000 akanagula madola pafupifupi 85 dzulo lake, koma m'mawa mwake ndalama yomweyo inali yokwanira madola 59 okha. Kwacha inataya pafupifupi 31 peresenti. Mu 2012 dola inakwera ndi K82 pa K168, kutanthauza 49 peresenti, ndipo kwacha inataya 33 peresenti. Poyeza ndi muyezo umodzi, ndi 49 kuyerekeza ndi 44, kapena 33 kuyerekeza ndi 31. Mbali zonse ziwiri, kugwa kwa 2012 ndiko kunali kokulirapo. Manambala onse anayi ndi oona, koma kusakaniza miyezo kuli ngati kugula chimanga ndi ndowa yaikulu n'kukagulitsa ndi yaing'ono. Popeza tchatichi chikuonetsa makwacha pa dola, timawu take tonse tiyenera kunena za dola: "Meyi 2012: dola yakwera ndi 49 peresenti", "Novembala 2023: dola yakwera ndi 44 peresenti".

Vuto silithera pomwepo, chifukwa diso nalo limatsutsa. Pa tchati wamba, pamene mpata wa K100 uli wofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, sitepe ya K520 imatalika kupitirira kasanu ndi kamodzi kuposa ya K82. Mawu akuti 49 amakhala pa kachulu, mawu akuti 44 ali pa phiri. Wojambula ali ndi njira ziwiri. Akhoza kusiya tchati momwemo n'kuwonjezera kachiganizo kofotokoza kuti sitepe ya 2012 ikuoneka yaing'ono chifukwa inayambira pamtengo wotsika. Kapena akhoza kusintha muyezo wa mzere woimirira kuti kuwirikiza kulikonse kutenge mpata wofanana, moti kuchoka pa K200 kufika pa K400 kutalike mofanana ndi kuchoka pa K800 kufika pa K1,600. Mu Excel zimenezi zimatheka posankha `Logarithmic scale`. Akatero masitepe awiriwo amaoneka pafupifupi ofanana, ya 2012 n'kuposa pang'ono.

Muyezo woterewu ndi wachilendo kwa owerenga ambiri, ndipo umafuna timawu touthandiza. Chitsanzo chodziwika ndi matchati a mliri wa kolona amene John Burn-Murdoch ankatulutsa mu nyuzipepala ya Financial Times kuyambira Malichi 2020. Ankagwiritsa ntchito muyezo womwewu, koma kumbuyo kwa mizere ya mayiko anajambula timizere ta madontho tolembedwa kuti nambala ikuwirikiza masiku awiri aliwonse, masiku atatu aliwonse, kapena sabata iliyonse. Munthu sankafunika kudziwa masamu ake. Ankangoona kuti dziko lake likutsata kamzere kati. Dzina la dziko linkalembedwa kumapeto kwa mzere wake, mutu unkasintha nkhani ikasintha, ndipo nyenyezi zing'onozing'ono zinkaonetsa pamene boma linalamula anthu kukhala m'nyumba.

Nyenyezi zimenezo zimaonetsanso malire a lusoli. Chilichonse cholembedwa pafupi ndi pamene mzere wapindika, wowerenga amachitenga ngati chifukwa chake, ngakhale wolemba asananene. Pa imfa za mliri, zotsatira za lamulo zinkaoneka patapita milungu, choncho wofulumira akanatha kuganiza kuti lamulolo silinathandize. Pa tchati cha kwacha, chilengezo cha Reserve Bank chili ndi ufulu wonse wokhala pa sitepe ya Novembala 2023, chifukwa chilengezocho ndicho chinasuntha mtengo wovomerezeka. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasakaza miyoyo ndi chuma kum'mwera kwa dziko, koma kumulemba pa mzere umenewu n'kuuza wowerenga kuti namondweyo ndiye anagwetsa kwacha, chinthu chimene tchaticho sichingatsimikize. Bungwe la IMF linavomereza ngongole ya Malawi patangopita masiku ochepa kwacha itatsitsidwa. Mfundo imeneyi ikhoza kulembedwa, koma ndi mawu onena nthawi yokha, monga "patapita masiku ochepa", ndipo kufotokoza mgwirizano wa zinthu ziwirizi kusiyidwe m'nkhani.

Chiyeso china ndi kulemba chilichonse: zisankho, chilala, mliri, kusowa kwa mafuta, nduna yatsopano. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Timawu tikachuluka timaphimba mzere, ndipo wowerenga sadziwanso chachikulu ndi chiti. Poyeza pake ndi mutu uja: kalozera wosathandiza kufotokoza mmene dola inafikira powirikiza kakhumi achotsedwe.

Tchati chomalizidwa chimakhala ndi zinthu zochepa. Pamwamba pali chiganizo cha kuwirikiza kakhumi, kunsi kwake mzere wonena muyezo ndi mtundu wa mtengo, pakati mzere umodzi wakuda ndi timawu titatu toyezedwa mofanana, ndipo pansi dzina la kumene manambala achokera ndi mwezi womaliza umene awerengedwa. Mwezi umenewo ndi wofunika chifukwa mutu wonena mfundo umakalamba, pamene wongotchula dzina sukalamba. Wina akadzawonjezera mitengo ya chaka chotsatira, mzere udzatalika wokha pa kompyuta, koma mawu akuti "kakhumi" ndi "2024" adzakhala pomwepo mpaka munthu atenge mtengo watsopanowo, augawe ndi K168, n'kulemba chiganizocho kachiwiri.