Kodi funso limodzi lingasenze buku lathunthu?

Mnyamata wina amene amakonda zolembalemba adandipeza tsiku lina kufupi ndi depoti ya mabasi ku Old Town atapanira envulopu kukhwapa. M'katimo mudali masamba 40 olemba pamanja. Adati, "Akuluakulu, ndayamba buku la nthano yaitali, koma ndafika pamutu wachinayi basi cholembera chikukana. Tandionerani pamene palakwika."

Funso limene adamangirapo nkhani yake ndi ili: bwanji zitachitika kuti m'mawa wina antchito onse a kumayadi, alonda, makhukhi, olera ana ndi osamala maluwa, osafika pantchito ku Area 10, 12 ndi 43? Nditangomva ndidaseka, ndipo ndikhulupirira nanunso awerengi mwamwetulira. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso likhoza kukoma pokamba pabawo koma n'kulephera kuyenda masamba 200. Tsono ndisanamuuze mnzathuyu kuti atayirepo zaka ziwiri za moyo wake, ndidati tiliyese kaye.

Nthano zotere sizachilendo kwathu kuno. Shadreck Chikoti, mlembi wa mumzinda womwe uno, adatulutsa Azotus the Kingdom m'chaka cha 2015, buku loganizira mmene anthu adzakhalire zaka 500 zikubwerazo. Koma funso la mnzathuyu lili ndi mwayi wina: Lilongwe adamangidwa ngati kuti amalidikira. Pamene bungwe la Capital City Development Corporation lidayamba ntchito m'chaka cha 1968, ndi thandizo la ngongole yochokera ku South Africa, mapulani adagawa anthu motsata matumba awo. Likulu litasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975, akuluakulu a boma ndi akazembe adapeza nyumba za mabwalo aakulu pafupi ndi City Centre, anthu wamba n'kukhala kutali. Lero wantchito wa ku Area 12 amalawirira wapansi kuchokera ku Kauma, wa ku Area 47 kuchokera kwa Mtandire. Nthaka yobzalapo nkhaniyi ilipo ndithu.

Muyeso woyamba ndi wowerenga masiku. Tengani pepala, lembani tsiku loyamba, lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, kenaka la 30, ndipo pa tsiku lililonse mulembe chimene chachitika chimene sichikadatheka dzulo lake.

Tsiku loyamba ndi phwando la mlembi. Bwana akuimba hutala pageti, wotsegula palibe. Adona akufunafuna machesi m'khitchini mwawo momwe ngati mlendo. Galu sadadye, yunifolomu ya mwana sidasitidwe. Mnzathuyu adalemba zimenezi mwaluso, moti mitu yake iwiri yoyamba ndidaiwerenga osaphethira. Tsiku lachitatu mayi wina wapita ku Capital Hill ndi khanda kumsana, zinyalala zadzaza, usiku mabwana akulonderana okha ndi tochi. Apanso nkhani ikuyenda. Koma pofika mutu wachitatu ndidaona kuti nthabwala ndi yomwe ija, yangosintha nyumba: uyu wapsereza nsima, uyo wapsereza malaya. Chikakhala kuti tsiku la 30 likufanana ndi loyamba, kungoti zinyalala zachuluka, dziwani kuti muli ndi nthano yaifupi imene yavala jekete la mkulu wake.

Palinso vuto lina limene aliyense wodziwa tauni ino aliona msanga. Ntchito n'zosowa. Mbiri ikangomveka kuti kumayadi kuli malo, sabata siitha basi ya ku Dedza, ya ku Dowa ndi ya ku Mchinji isadatsitse anthu padepoti, zikwama kumutu, akufunsa njira ya ku Area 10. Adona nawo aimba foni kumudzi kuti awatumizire mwana wa achemwali awo. Ndiye kuti pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri funso lija lafa lokha. Mlembi ali ndi njira ziwiri. Akhoza kunena kuti antchitowo angozimirira mwamatsenga ndipo wina aliyense wolowa m'malo mwawo amazimiriranso, kapena akhoza kuvomera kuti anthu atsopano abweradi, nkhani n'kukhala ya kubwera kwawoko. Chimene sangachite ndi kutseka maso, chifukwa wowerenga wa ku Kawale amuuza kuti, "Bodza ili, ine ndemwe ndikadapita kukafunsira."

Funso lomweli ena adaliyesapo kale ku Amereka, ndipo zotsatira zake zikutiphunzitsa kanthu. M'chaka cha 1965 Douglas Turner Ward adaonetsa sewero lotchedwa Day of Absence, mmene anthu akuda onse a m'tauni ina ya kummwera kwa dzikolo asowa kwa tsiku limodzi, azungu n'kusokonezeka. Sewerolo n'lalifupi, ndipo limatha anthu aja atayamba kuonekanso m'mawa mwake. Ward adadziwa kuti kuseka mabwana osowa chochita kumakwana tsiku limodzi basi. Koma zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 1962, William Melvin Kelley adali atatulutsa A Different Drummer, buku lathunthu la anthu akuda amene achoka onse m'dera lina. Kelley sadataye nthawi ndi mbale zosatsukidwa. Adayamba ndi munthu mmodzi, Tucker Caliban, amene athira mchere m'munda mwake, kupha ziweto zake, kutentha nyumba, n'kunyamuka ndi banja lake. Kuchoka apo bukulo limabwerera m'mbuyo, kudzera m'maso mwa azungu a banja limene makolo a Tucker adalitumikira mibadwomibadwo, pofuna kumvetsa chimene chidamufikitsa pamenepo. Funso ndi limodzi, koma wina adafunsa kuti "kenaka chidachitika n'chiyani?" pomwe mnzake adafunsa kuti "chidamulowa n'chiyani munthuyu?" Funso lachiwirili ndi limene lili ndi msana.

Apa ndiye pabwera muyeso wachiwiri: kodi alipo munthu mmodzi amene funsoli lamuika pakampeni kumphasa, woti njira iliyonse imene atenge aluzapo kanthu? M'masamba 40 aja ndidamusaka osamupeza. Mabwana onse adali zitsiru, antchito onse adali angelo, ndipo angelowo sitidawaone n'komwe chifukwa mlembi adakhalira kumayadi.

Koma patsamba lina padali mzere umodzi wonena za mayi wolera ana amene amagona kuboyizikota, kuseri kwa nyumba ya bwana ku Area 10. Ndidamuuza mnzathuyu kuti, "Achimwene, buku lanu ndi mayi awa." Taganizani. Anzawo onse akhala kunyumba, koma iwo kunyumba kwawo ndi kuntchito komweko. Akanyanyala, denga lapita, ndipo mwana wawo amene fizi amamulipirira adona asiya sukulu. Akapitiriza ntchito, ku Kauma kumene kuli mchimwene wawo ndi mpingo wawo awatcha wogulitsa anzake. Ndiye pali kamwana ka bwana kamene adakalera kuchokera kukhanda, koti sikadya phala popanda iwo. Chikondi chimenecho n'chenicheni, komanso ndi chingwe. Munthu wotere simungamuthetse m'mutu umodzi, pakuti chimene asankhe Lolemba chimubweretsera mlandu wina Lachinayi.

Muyeso wachitatu ndi woyenda nalo funso mumzinda, kuona ngati likusintha nkhope mukasintha malo. Funso lofooka limaoneka chimodzimodzi paliponse. Ili tikalitulutsa kumayadi limayamba kubala. Ku Kauma mwezi ukatha malipiro palibe: mwini nyumba akufuna lendi, wa kagolosale watseka buku la ngongole, wa katapila wayamba kuzungulira. Umodzi uja uyamba kung'aluka, poti walira mvula walira matope. Ku Old Town, kumsika ndi m'misewu ya kufupi ndi Malangalanga, kukhoza kutuluka munthu wochenjera wolandira atsikana otsika basi n'kumawapezera mayadi, iye n'kumadyapo yake. Ku City Centre akuluakulu akhala pamsonkhano kuti athetse vutoli, koma aliyense pamtima akudziwa kuti mlonda wake amadziwa galimoto imene imabwera usiku, ndipo khukhi wake adamva zimene zidakambidwa patebulo. Tsopano mantha a mabwana salinso a nsima yopserera ai. Ndi akuti anthu amene akudziwa zinsinsi zawo ali kunja kwa mpanda, ndipo alibenso chowatseka pakamwa.

Mwaonatu kuti malo atatu atipatsa mikangano itatu yosiyana, ndipo yonse ikhoza kudutsa mwa mayi aja: mchimwene wawo ndi amene ali ndi ngongole ya katapila, mtsikana wotsika basi ndi amene akudzagona nawo kuboyizikota, ndipo chinsinsi chachikulu cha bwana akuchisunga ndi iwo. Ndikawerengera mwachisawawa, gawo lililonse likhoza kutenga mitu isanu kapena isanu ndi umodzi. Kuphatikiza ndi iwiri yoseketsa ija, buku la mitu pafupifupi 20 layima.

Chenjezo langa ndi limodzi. Funso ili limakoka mlembi kuti akwere pagome n'kuyamba kulalikira. Tonse tikudziwa kale kuti antchito apakhomo ambiri amalandira zochepa, ndipo buku limene lingotiuza zimenezo tilisiya patsamba la 60. Adona aja akhale munthu: mwina nawonso adakulira m'nyumba ya udzu, mwina ntchito yawo ku Capital Hill ili pachiswe chifukwa chosowa wosiyira mwana. Nawo onyanyala akhale ndi adyera awo ndi amantha awo. Ngati wowerenga akudziwa kale pamutu woyamba kuti wolakwa ndani, afuniranji kufika kumapeto?

Tsono chigamulo changa n'chotere. Mmene mnzathuyu adalifunsira, funsoli ndi la nthano yaifupi ya masamba khumi ndi asanu, kapena sewero la pawailesi la theka la ola, ndipo cholembera chake sichidalakwe kukana pamutu wachinayi. Chidaona kuti mafuta atha. Koma akalitembenuza n'kufunsa kuti, "Bwanji antchito onse atanyanyala, kupatula mmodzi amene sangathe kuchoka komanso sangathe kukhala?" pamenepo ndikhoza kubetcha kuti lifika.

Nditamufotokozera zonsezi adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa kuti, "Ndiye masamba anga 40 aja nditaye?" Ndidati asunge khumi oyamba, enawo akolezere mbaula. Ndidamuuzanso kuti asadalembe chilichonse, adzuke m'mamawa kusadache, akayende ndi anthu ochokera ku Kauma mpaka pageti la ku Area 10, amve zimene amakamba panjira. Sadaoneke wokondwa kwenikweni, koma envulopu ija adaitenga.