Kulembera khutu: chilengezo cha tsiku la katemera

Kalata imadikira mwini wake, koma chilengezo cha pawailesi sichidikira munthu. Mayi wa kwa Mavwere amene watchera Mudziwathu, wailesi ya m'boma la Mchinji, amamvera akusonkheza moto kapena akutonola chimanga. Mawu oyamba amamudutsa. Amatchera khutu pokhapokha akamva kanthu komukhudza, ndipo zonse zimene zanenedwa asanatchere zapita basi. Luso lonse la wolemba lagona pa kudziwa choyika patsogolo ndi choyika pambuyo.

Tiyerekeze kuti kuchipatala cha Nkhwazi kuli sikelo ya katemera. Wolemba wozolowera makalata a muofesi angayambe chonchi: "Ofesi ya zaumoyo, mogwirizana ndi mabungwe omwe imagwira nawo ntchito, ikudziwitsa anthu onse kuti pa 14 mwezi uno kudzakhala ntchito yopereka katemera." Papepala palibe cholakwika. M'khutu, mpweya woyamba wonse wathera pa eni uthenga, pamene womvera sanadziwebe ngati nkhaniyo ndi yake. "Anthu onse" sakuitana aliyense, ndipo "pa 14" akumutuma mayi kukayang'ana kalendala imene mwina kunyumbako kulibe.

Ine ndingalembe motere: "Amayi ndi abambo a ana aang'ono kwa Mavwere, tamverani. Lachinayi likubwerali, pa 14, kuli katemera wa ana kuchipatala cha Nkhwazi, kuyambira 8 koloko m'mawa. Ngati mwana wanu wakwanitsa miyezi 9 kapena 15, yakwana nthawi ya katemera wa chikuku. Tengani buku lakuchipatala la mwana; ngati linatayika, bweranibe. Katemera ndi waulere. Lachinayi, ku Nkhwazi, 8 koloko m'mawa."

Chiganizo choyamba sichinasenze kanthu kofunika kukumbukira, ndipo nzadala. Ntchito yake ndi ya odi pakhomo: kutembenuza mutu. Tsiku, malo ndi nthawi zabwera womvera atacheuka kale, kenaka zabwerezedwa kumapeto m'ndondomeko yomweyo. Wina angafune kukometsera posintha mawu pobwereza, kuti "chipatala cha Nkhwazi" chisanduke "malo omwe tatchula aja". Pamenepo waphonya. Amene wangolowa m'nyumba chilengezo chili pakati sanamve malo aja, ndipo amene anamva ayamba kukayika ngati ndi amodzimodzi.

Dzina la tsiku limaposa deti chifukwa kumudzi sabata imayendera masiku a msika, a tchalitchi ndi a banki m'khonde. Koma mawu oopsa kuposa onse ndi "mawa". Muwulutsi akamawerenga yekha Lachitatu madzulo, "mawa" ndi woona. Chilengezo chojambulidwa chikabwerezedwa Lachinayi m'mawa, "mawa" yemweyo amatumiza amayi Lachisanu, n'kukapeza alangizi a zaumoyo atabweza kale katemera mufiriji.

Povuta kwenikweni ndi posankha zosiya. Ndondomeko ya katemera ku Malawi ndi yaitali: pali wa pobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Mchinji ndi limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, ndipo ameneyu amaperekedwa pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wolemba wakhama amalakalaka kutchula zonsezi. Akatero, manambala amapondana, ndipo 8 koloko uja amasochera pakati pa anzake. Ndondomeko yonse ili kale m'buku la mwana. Pawailesi ndi bwino kutola misinkhu imene makolo amaiwala, ndipo kawirikawiri ndi ya kumapeto, mwana atayamba kuyenda, mayi ataleka kupita kusikelo mwezi ndi mwezi.

Nchifukwa chake sindinalembe kuti "ana onse osakwana zaka zisanu". Mawu amenewo anthu anawazolowera pa kampeni ya poliyo ya mu 2022, matendawa atapezeka ku Lilongwe, pamene azaumoyo ankayenda khomo ndi khomo. Mayi akawamvanso akhoza kukhala pakhonde kudikira alendo amene sadzabwera. Chilengezo cha sikelo chiyenera kumveketsa kuti woyenda ndi kholo.

Kachiganizo ka buku lotayika ena angakaone ngati kongotayitsa nthawi. Ine ndingalolere kudula mayina a mabungwe onse kuti kameneka katsale, chifukwa mayi amene buku lake linanyowa ndi mvula amaopa kukalipiridwa pamzere, ndipo amasankha kungokhala.

Chilengezo chisanapite kuwailesi, muwerengereni kamodzi kokha munthu amene akugwira ntchito ina, osamuchenjeza. Pakapita kanthawi mufunseni kuti kuli chiyani, liti, kuti, ndipo atenge chiyani. Akayankha kuti "zakatemeratu, koma tsiku landithawa", musawonjezere mawu. Chotsani nambala imodzi imene yayandikana ndi tsikulo, muyesenso pa munthu wina.