Bala si chilonda: kuwerenga liwu limodzi la nyimbo ya "Mabala"

Chaka chatha, maliro a Lucius Banda atachitika kale, ndinali kwathu kwa Malemia ndipo wailesi ya amalume inkaimba nyimbo zake zakale. Itafika ya "Mabala", ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu amsinkhu wawo amakhala chete nyimboyi ikamalira. Iwo anati, "Mphwanga, chipsera umaonetsa anzako uku ukuseka. Bala ayi." Yankho limeneli ndi limene landichititsa kuti ndilembe za liwu limodzi lokha, la mutu wa nyimboyi, chifukwa ndikuona kuti chining'a chake chagona pamenepo.

Tiyambe ndi mawu atatu amene ambirife timawasakaniza: chilonda, chipsera ndi bala. Chilonda chimatha kubwera chokha. Chithupsa chikaphulika chimasiya chilonda, ndipo palibe amene mungamuloze chala. Chipsera ndi chizindikiro chotsala pamene papola, ndiye kuti nkhani yake inatha. Bala ndi lina. Kawirikawiri limachokera kunja kwa thupi, kwa mpeni, chikwanje, chibonga kapena chipolopolo. Munthu akabwera ndi bala pamutu, funso loyamba la aliyense limakhala lakuti, "Wakutema ndani?" Choncho liwuli limanyamula mlandu ngakhale wolakwayo sanatchulidwe. Onjezani kuti mutuwo uli mochulukitsa, m'gulu la Li-Ma: si bala limodzi la munthu mmodzi, koma mabala.

Kuti timve kulemera kwake, tiyenera kukumbukira mmene anthu ankalankhulira mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Kuchokera mu 1968 panali lamulo lopatsa boma mphamvu zoletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Munthu ankatha kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Anthu anaphunzira kusankha aneni amene safuna wochita. Ankati "uje anasowa", osati "anamusowetsa". Ankati "wavulala", osati "wavulazidwa". Amene munaphunzira misintho ya aneni mukuona kale kusiyana kwake. "Kusowa" ndi "kuvulala" zimangomugwera munthu ngati mvula. Koma msintho wochititsa ndi wochitidwa umatsegula malo a funso loopsa lija: ndi yani?

Chitsanzo chachikulu cha kalankhulidwe kameneka chinayambira m'boma lathu lomwe lino la Zomba. Pa 17 Meyi 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba, kumene kunali Nyumba ya Malamulo nthawi imeneyo. Anagonekedwa kundende ya Mikuyu, ndipo tsiku lotsatira anaphedwa ku Thambani, m'boma la Mwanza. Boma linalengeza kuti afa pa ngozi ya galimoto. Taliyang'anani liwu lakuti "ngozi". Ngozi ilibe mwini, ndiponso siyankha mlandu pabwalo. Patapita zaka zoposa khumi, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Michael Mtegha linapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi, ndipo galimotoyo inangokankhidwira kuphompho. Chimene chinkatsutsa nkhani ya ngozi chinali pa matupi awo.

Apa ndi pamene ndikuona luso la mutu wa nyimboyi. Boma linali ndi liwu lake lofafaniza wochita, lakuti "ngozi". Woimba anabwera ndi liwu lomubweza wochitayo koma osamutchula dzina. Sindikunena kuti "Mabala" ndi nyimbo ya anthu anayi a ku Mwanza okha. Ndikunena kuti womvera wa nthawi imeneyo, amene anakhala zaka zambiri akumeza mawu ngati "ngozi" ndi "kusowa", anamva msanga zimene liwu latsopanoli linkachita.

Pali khomo lachiwiri limene liwuli linalowera, la kutchalitchi. Lucius anakulira mu Alleluya Band ya ku Balaka, gulu la mpingo wa Katolika limene mkulu wake Paul Banda ankatsogolera. Kwa Mkatolika, mabala ndi liwu la m'mapemphero, makamaka pa nyengo ya Lenti, pokumbukira masautso a Yesu. Mabala amenewo ndi a munthu wosalakwa, woweruzidwa ndi akuluakulu a dziko. Ndiponso ndi umboni, chifukwa Tomasi anakhulupirira ataona malo amene munalowa misomali. Tisaiwale kuti kalata ya maepiskopi imene inagwedeza boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, mu Lenti momwemo. Choncho liwu limodzi linkatha kumveka ngati la Chikhristu kwa wofuna kuletsa nyimbo, koma ngati la ndale kwa wofuna kumva.

Tsopano pali msampha umene ife ophunzira timagwamo kawirikawiri. Tikangomva kuti nyimbo ndi yotsutsa boma, timaganiza kuti chining'a chilichonse chinali chothawira ndende. Tiyeni tione zaka. Riferendamu inachitika pa 14 Juni 1993. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali analanda zida a Payoniya. Chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994, zaka 11 ndendende kuchokera tsiku limene anthu anayi aja anagwidwa. Chimbale cha Son of a Poor Man, mmene muli "Mabala", chinajambulidwa ku South Africa ndipo chinafala muno mu 1994. Mantha anali asanatheretu, koma khoma linali litang'aluka kale. Zimenezi n'zosiyana ndi za Jack Mapanje, amene ndakatulo zake zophiphiritsa zinatuluka mu 1981, iye n'kukatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991.

Ndiye ngati kubisala sikunali cholinga chokhacho, chining'achi chinkagwira ntchito yanji? Ine ndikuti chinkasonkhanitsa. Dzina limodzi likanatsekera ena kunja. Koma m'liwu lakuti "mabala" munalowa wa Mboni za Yehova amene anathawira ku Mozambique kapena ku Zambia mu 1972, wamalonda amene analandidwa katundu, mayi amene anabwezedwa pa chipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani, ndi banja limene linaletsedwa kulira maliro. Aliyense anaikamo lake. Mphamvu ya liwuli ili pomwepo, ndipo kufooka kwake kulinso pomwepo: liwu lolandira aliyense limatha kulandiranso amene anagwira chibonga, nayenso n'kumati tonse tinavutika.

Njira yodziyesera nayo powerenga chining'a ndi iyi. Funsani ngati tanthauzo limene mwapeza likanamveka kwa munthu wamba wa chaka chimenecho popanda mphunzitsi womumasulira. Funsaninso ngati liwu lina lofanana nalo likanagwira ntchito yomweyo. Yesani kuika "Zilonda" pa mutupo: mlandu watha, yatsala nkhani ya kuchipatala. Ikanipo "Zipsera": mwalengeza kuti papola. Ngati kusintha liwu kukugwetsa tanthauzo, ndiye kuti kuwerenga kwanu kwaima pa chiyankhulo, osati pa zofuna zanu.

Mbiri yotsatira inaligwirizira liwuli. Mu Disembala 1995 khoti linapeza Kamuzu Banda ndi anzake osalakwa pa mlandu wa ku Mwanza. Mu Januwale 1996 iye anapepesa mtundu wa Amalawi, koma ponena za zoipa zimene mwina zinachitidwa ndi ena m'dzina lake. Wochita anasowanso m'chiganizo. N'chifukwa chake amalume, atatha kumvera nyimbo ija, sananene kuti zinapola. Anangochepetsa wailesi n'kufunsa ngati nsima yapsa.